Nyale ya Sola: Za pa Katoni ndi Za Pakhomo

Pa katoni ya nyale ya sola pamakhala manambala ambiri: malumeni 200, mawati 3, batire la 3000 mAh, maola 72. Ogulitsa ambiri, makamaka achinyamata amene angoyamba kumene ntchitoyi, amaloweza manambalawa n'kumawalakatula kwa aliyense amene waima pa benchi pawo. Mayi amene wabwera kudzagula mchere ndi sopo tsiku la msika amamvetsera mwaulemu, amaigwiragwira nyaleyo, kenako amati, "Ndibweranso," n'kupita osatembenuka. Wogulitsa amatsala akudandaula kuti anthu alibe ndalama. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zambiri mayiyo amachoka asanamve chimene amafuna kumva, choti nyaleyo ikakafika pakhomo pake ikasintha chiyani.

Pali nkhani ziwiri zimene munthu angakambe za nyale imodzi. Yoyamba ndi ya mmene inapangidwira ndi zimene ili nazo: kukula kwa batire, mphamvu ya panelo, kutalika kwa chingwe, chogwirira, kabowo kotchajira foni. Zimenezi sizisintha. Nyaleyo ikhale m'sitolo ku Limbe kapena pa mphasa pa msika wa Lizulu, batire lake ndi lomwelo. Nkhani yachiwiri ndi ya phindu, zimene nyaleyo idzamuchitire munthu amene waigula. Phindu silingalembedwe pa katoni, chifukwa limadalira kuti wogula ndi ndani, amakhala kuti, ndipo dzuwa likalowa amachita chiyani.

Titenge chingwe. Nyale zina zili ndi panelo yomatidwa pamsana pake, zina panelo yake ndi yapayokha yolumikizidwa ndi chingwe cha mamita angapo, tinene asanu. Wogulitsa akati "ili ndi chingwe cha mamita asanu" wanena zoona, koma wangofika theka la njira. Chingwecho chikutanthauza kuti panelo ikhoza kumangidwa pamwamba pa denga nyale n'kutsala m'nyumba. Ndiye kwa mayi amene amalawirira kumunda n'kubwera dzuwa litapendeka, phindu lake n'lakuti atseka chitseko n'kupita mtima uli m'malo, osaganiza za ana oseweretsa nyale pabwalo, mbuzi yoigwetsa, mvula yodzidzimutsa kapena wodutsa wa manja aatali. Nyale ya panelo yapamsana imayenera kugonekedwa padzuwa yonse, ndipo pamafunika munthu woiyang'anira. Kwa agogo amene amaswera pakhonde tsiku lonse, zimenezo si vuto, ndipo kuwalipiritsa ndalama zambiri chifukwa cha chingwe n'kuwalakwira. Chingwe ndi chomwecho, koma kwa wina ndi mtendere wamumtima, kwa wina ndi mtengo wongowonjezera.

Apa m'pamene ntchito ya wogulitsa yagona. Sangadziwe phindu asanamudziwe wogula, ndipo sangamudziwe asanamufunse.

Pali ulaliki wina umene ogulitsa nyale za sola anauzolowera kalekale, wonena za parafini: utsi wa koloboyi umadetsa mphuno, umatsokomoletsa ana, parafini amadya ndalama. Ulalikiwu unali woona pa nthawi yake, ndipo pamene koloboyi akadalipo ndi woonabe. Koma kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja opitirira theka m'Malawi amaunikira matochi a mabatire, oyatsa magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse, ndipo a parafini anali atatsala ochepa kwambiri. Ndiye mnyamata akaima pa msika n'kumalonjeza kuti "simudzagulanso parafini", akulonjeza anthu kuwapulumutsa ku chinthu chimene anachisiya kale. Chimene chikuwadya masiku ano ndi mabatire, amene amawala bwino usiku woyamba, n'kuyamba kufiira, mpaka mwini wake amawaika padzuwa kapena kuwaluma pofuna kuti apereke kamoto kotsala. Ndi matochi otchipa amene amafa mwezi usanathe. Ndi ulendo wopita ku okala kapena ku shopu yometera kukatchajitsa foni, n'kuisiya kumeneko theka la tsiku. Wogulitsa amene sanafunse sangadziwe kuti pa zonsezi chikumupweteka wogula ndi chiti.

Tiyeni tione mmene kucheza kotere kumayendera, ndi nyale ya manambala tatchula aja. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, choncho ndalama zili m'munsimu n'zongoyerekeza. Chofunika ndi kawerengedwe kake.

"Amayi, kunyumba mumaunikira chiyani?"

"Tochi, mwana wanga. Timaimangirira kudenga."

"Mabatire mumagula kangati?"

"Sabata iliyonse. Mtsikana wanga ali Sitandade 8, ndiye amawerenga mpaka usiku. Sachedwa kutha."

"Pa sabata amakutherani zingati?"

"K1,500, nthawi zina kuposa."

"Nanga foni mumatchajitsa kuti?"

"Ku mseu. K300 ulendo umodzi, katatu pa sabata."

Mafunso anayi okha, ndipo mayiwo anena okha zonse zofunika. Pa sabata akuwononga K1,500 ya mabatire ndi K900 ya foni, pamodzi K2,400. Ngati nyale ili pa K36,000, ndalama imeneyi ikufanana ndi zimene akutaya kale m'masabata 15, kutanthauza miyezi itatu ndi theka. Tsopano wogulitsa akhoza kunena kuti, "Amayi, mukaigula pano pokolola, pofika nthawi yosoka mizere idzakhala itabweza ndalama yanu. Kuyambira pamenepo K2,400 ija izitsala m'thumba sabata iliyonse." Sanatchule mawati ngakhale kamodzi. Ndipo manambala amene wawerengera ndi a mayiwo, choncho sangawakayikire. Ogulitsa ena anzeru amamupatsa wogula kuti awerengetse yekha pa foni yake.

Kenako pali mtsikana wa Sitandade 8 uja. Kandulo imodzi imatulutsa malumeni pafupifupi 12. Nyale ya malumeni 200 ikayatsidwa mwamphamvu imaposa makandulo 15 oyaka pamodzi, ndipo kuwala kwake kumamwazika chipinda chonse, pamene tochi imaponya kuwala pamalo amodzi kwina kuli mdima. Phindu lake kwa mayiwa n'lakuti mwana aziwerenga osasuzumira m'kope, mng'ono wake azilemba pambali pake, iwo akusankha nyemba pa lichero, onse pa nyale imodzi. Ndiponso mawu oti "zimitsa, ukutha mabatire" adzatha m'nyumbamo. Sizinangochitika mwangozi kuti SunnyMoney, bizinesi ya bungwe la SolarAid imene yagulitsa nyale zambiri m'Malawi ndi ku Zambia, inadzera m'masukulu, kugwira ntchito ndi aphunzitsi aakulu. Kholo likamva za nyale kuchokera kwa mphunzitsi, limamva za mayeso a mwana wake, osati za batire.

Koma apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Wogulitsa akazindikira kuti phindu ndi limene limagulitsa, amakopeka kuyamba kulikometsera mpaka kuiwala zimene nyale ingathedi kuchita. Phindu lililonse limene mwalonjeza liyenera kutsamira pa chinthu chenicheni chimene nyale ili nacho, ndipo malire a chinthucho ndi malire a lonjezo lanu. N'chifukwa chake manambala a pa katoni wogulitsa ayenera kuwadziwa bwino kuposa wina aliyense, ngakhale kuti sawalakatula.

Tiyambe ndi maola 72. Nambala yaikulu chonchi pafupifupi nthawi zonse imanena za kuwala kochepetsetsa, batire litadzaza. Nyale zambiri zili ndi magawo atatu a kuwala. Nyale yathuyi pa gawo lotsika imawala moposa kandulo imodzi pang'ono, kokwanira kuona pamene mwana wagona kapena kuunikira njira ya kuchimbudzi, ndipo ndi pamenepo pamene ingafike maola 72. Pa gawo lapamwamba, la malumeni 200 lija, imatha m'maola pafupifupi 6. Wogulitsa amene wayatsa gawo lapamwamba, wogula n'kuchita chidwi, kenako n'kunena kuti "imakhala masiku atatu osathima", waphatikiza zoona ziwiri n'kupanga bodza. Wogula adzaiyatsa mwamphamvu Lolemba madzulo, pakati pa usiku idzathima, ndipo pofika Lachiwiri masana mudzi wonse udzakhala utamva kuti nyale za mnyamata uja n'zachinyengo.

Foni ndiye imadanitsa anthu kwambiri. Batire la nyale lili ngati mtsuko umodzi wa madzi: mukatungamo ophikira, osamba amachepa. Kuti mudziwe kukula kwa mtsukowo, chulukitsani mavoti ndi kuchuluka kwa batire. Batire la mavoti 3.2 ndi 3000 mAh limasunga 3.2 × 3 = 9.6, tingoti miyezo 10 ya moto. Kafoni ka mabatani, ka batire la 1000 mAh, kamafuna miyezo pafupifupi 4, ndipo kuphatikiza moto wotayika m'chingwe kamafika pa 5. Limenelo ndi theka la batire la nyale. Ndiye mayi athu aja akatchaja kafoni kawo, usiku umenewo kuwala kwamphamvu kudzakhala kwa maola atatu m'malo mwa 6. Pa gawo lapakati kudzawafikitsa nthawi yogona popanda vuto. Popeza amatchaja katatu kokha pa sabata, lonjezo la wogulitsa likuima, bola awauze zimenezi.

Foni yaikulu yotsetsereza ndi chala ndi nkhani ina. Zambiri zili ndi batire la 5000 mAh pa mavoti oposa 3.7, miyezo pafupifupi 19, kuwirikiza kawiri zimene nyale yonse imasunga. Ngakhale mutakhuthulira moto wonse wa nyale mu foniyo, siingafike theka, ndipo mudzagona mu mdima. Mawu oti "imatchaja foni" ndi oona kwa amayi a kafoni ka mabatani, koma kwa mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo amene ali ndi foni yaikulu ayenera kunenedwa mwina: "Achimwene, iyi ikupatsani moto woti muimbe ndi kutumiza ndalama foni ikathima, koma kuidzaza ayi. Ngati mukufuna kudzaza tsiku ndi tsiku, pakufunika ya panelo yokulirapo." Mwina munthuyo sagula lero. Koma akadzasonkhanitsa ndalama ya yaikulu, adzabwera kwa amene anamuuza zoona.

Dzuwa nalo lili ndi malire. Nyale zimene zinayesedwa motsatira miyezo ya VeraSol, ndondomeko imene mu 2020 inapitiriza ntchito yoyesa katundu ya Lighting Global ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, maola ake amawerengedwa potengera tsiku la dzuwa labwino, lofanana ndi maola asanu a dzuwa la liwombo. Panelo ya mawati 3 pa tsiku lotere imangokwanitsa kudzaza batire lathu lija. Pa masiku a chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje mu Juni ndi Julaye, kapena mvula ikachita mvumbi mu Januwale ndi Febuluwale, batire silidzaza. Wogula auzidwe kuti masiku amenewo aziyatsa gawo lapakati. Auzidwenso kuti panelo isakhale pa mthunzi wa mtengo wa mango, aziipukuta fumbi ndi kansalu konyowa, makamaka m'chilimwe, ndiponso kuti m'nyengo yozizira dzuwa limadzera chakumpoto, choncho panelo ipendekere pang'ono kumeneko. Nyale zambiri zimene zimabwezedwa kuti zafa zimakhala kuti sizikulandira dzuwa lokwanira. Njira yodziwira n'njapafupi: onani kagetsi kakang'ono kosonyeza kuti moto ukulowa. Ngati kakuyaka panelo ikakhala padzuwa, igonekeni nyale tsiku lathunthu osaiyatsa kapena kutchajira foni, kenako muyese. Ngati sikakuyaka n'komwe, yambani mwayang'ana chingwe, chifukwa makoswe amakonda kuchitafuna kudenga.

M'tauni nyale yomweyi imafuna kulankhulidwa mwina. Bambo wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amene ali ndi magetsi a ESCOM sagula mabatire sabata iliyonse, ndipo kumuwerengera masabata 15 kulibe tanthauzo. Vuto lake ndi madzulo amene magetsi athima nsima ili pamoto, ana ali ndi ntchito ya kusukulu, wina n'kuthamangira kukagula kandulo. Kwa iye phindu n'lakuti nyale ili pa shelefu yodzaza kale, ndipo kandulo siidzayakanso pafupi ndi katani kapena neti ya udzudzu, chinthu chimene kholo lililonse limachiopa. Nyale zina zimalola kutchajidwa ndi chingwe cha USB kuchokera pa soketi yapakhoma. Kumudzi kumene kulibe magetsi, kabowo kameneka n'kosafunika kukatchula. Kwa munthu wa lendi amene alibe denga lakelake loti amangepo panelo, ndipo masana onse amakhala kuntchito, kabowo kameneka ndiye chifukwa chachikulu chogulira.

Amalonda a madzulo ndi osavuta kuwafotokozera, chifukwa amawerengera okha. Mayi wa tomato ndi usipa m'mbali mwa msewu amadziwa zimene amagulitsa pakati pa 6 koloko ndi 8 koloko, pamene anthu akuweruka. Amadziwanso kuti kandulo yake mphepo imaizimitsa, ndipo ogula amadutsa benchi la mdima kupita lowala. Kwa iye chogwirira cha waya chija, chimene pa katoni sichitchulidwa n'komwe, chimatanthauza kuti nyale ipachikidwa pa msomali pamwamba pa katundu, manja onse awiri n'kutsala opimira ndi kupereka chenji. Chogwirira chomwecho kwa mlimi ndi chonyamulira kupita kukhola nkhuku zikalira usiku, kapena chopachika m'chigafa posankha fodya. Kwa mayi wa m'chikuta, gawo lotsika la kuwala, limene ena amalipeputsa, ndilo lamtengo wapatali: nyale ikhoza kuyaka pang'ono usiku wonse, iye n'kumayamwitsa ndi kusintha thewera popanda kufufuza machesi mu mdima.

Ndimaona kuti ogulitsa ambiri amalakwitsa pofuna kunena mapindu onse kwa munthu mmodzi. Atamufunsa bwinobwino, n'kumva kuti nkhawa yake ndi mwana wa mayeso, amapitiriza za njoka, za utsi, za foni, za chilengedwe, mpaka wogula amaiwala chimene chinamugwira mtima. Phindu limodzi kapena awiri, otuluka m'mawu a wogula mwiniwake, ndi okwanira. Zotsalazo akazipeza yekha kunyumba.

Sikuti manambala alibe malo pa zokambirana. Alipo ogula amene amawafuna, ndipo si a m'tauni okha. Mnyamata wokonza mawailesi pa msika wa kumudzi akhoza kufunsa kuti batire ndi la mtundu wanji, ndipo kumuyankha kuti "ndi lolimba kwambiri" n'kumuchepetsa. Muuzeni kuti ndi la lithiyamu, la 3000 mAh, ndipo ngati limasinthidwa likatha munene. Malo ena a manambala ndi pamene wogula wakopeka koma akukayika. Akati, "Zonsezi mukunena, nanga ya pa K8,000 ija yasiyana pati ndi iyi?" nthawi yakwana yoti muonetse panelo ziwirizo pamodzi kuti aone kukula kwake, n'kufotokoza kuti kapanelo kakang'ono ngati bokosi la machesi sikangadzaze batire lalikulu, kaya pa katoni palembedwa zotani. Wogulitsa amayamba ndi phindu, ndipo za pa katoni zimabwera pambuyo monga umboni.

Zina sizifuna mawu. Masana dzuwa likuswa mtengo, nyale yoyaka imaoneka yofooka, ndipo malumeni 200 ndi 50 sasiyana m'maso. Katoni yaikulu yokhala ndi kabowo kosuzumira, m'kati mutaikamo kope lolembedwa ndi pensulo, imathetsa vutoli. Wogula asuzumire kaye ndi tochi ngati yake ija, kenako ndi nyale, pa magawo onse atatu, ndipo pa gawo lililonse mumuuze maola ake. Akafunsa ngati imalowa madzi, yankho likhale lolunjika: zambiri zimapirira mvula yowaza, koma osati kugwera m'ndowa.

Chotsala ndi galanti, imene ambiri amangoitchula mothamanga pomaliza. Nyale zoyesedwa ndi VeraSol zimayenera kukhala ndi galanti ya chaka chimodzi kapena kuposa, ndipo zina zimapereka zaka ziwiri. Koma kwa munthu amene anagulapo nyale pa msika n'kufa patatha masabata awiri, wogulitsa osaonekanso, mawu oti "zaka ziwiri" ndi nambala inanso. Chimene akufuna kumva n'chakuti nyale ikafa apite nayo kwa ndani, tsiku liti, atatenga chiyani. Kwa banja limene latenga ndalamayo ku banki m'khonde kapena lagulitsa thumba la chimanga, funso limeneli ndi lalikulu kuposa kuwala. Choncho wogulitsa alembe lisiti lokhala ndi tsiku logulira ndi nambala ya nyaleyo, alembeponso nambala yake ya foni, n'kunena momveka kuti, "Amayi, ndimapezeka pano tsiku lililonse la msika. Ikavuta, mubwere nayo pamodzi ndi panelo ndi pepala ili. Musaitsegule, musaipereke kwa wokonza mawailesi, chifukwa ikatsegulidwa kampani siilandiranso."